Zolemba za ntchito yokonza mafunso a kuyenda mu mtengo: DFS kapena BFS, ndi chifukwa chake

Lolemba

Gulu lathu likukonza mafunso oyeserera a anthu amene akuphunzira kulemba mapulogalamu, ndipo chigawo chimene ndapatsidwa ine ndi cha kuyenda mu mtengo. Mafunso amene analipo kale amangouza wophunzira kuti alembe khodi, ndipo ambiri amailemba bwino ndithu, koma akafunsidwa chifukwa chimene asankhira njira imeneyo amangoti ndi imene anaizolowera. Pachifukwa ichi tagwirizana kuti funso lililonse likhale ndi mbali ziwiri, ya khodi ndi ya kufotokoza, ndipo theka la malikisi lizichokera pa kufotokozako.

Njira zimene tikuziyerekeza ndi ziwiri. Yoyamba, imene imalembedwa kuti DFS, imatenga nthambi imodzi n'kutsika nayo mpaka pa tsamba, kenako imabwerera kukayamba nthambi ina. Manodi amene ikuyembekeza kudzawayendera imawasunga mu sitaki, momwe cholowa pomaliza ndiye chimayamba kutuluka. Yachiwiri, BFS, imamaliza kaye manodi onse a mlingo umodzi isanatsikire pa mlingo wotsatira, ndipo imagwiritsa ntchito kiyu, momwe choyamba kulowa ndiye choyambanso kutuluka. Zonse ziwiri zikayenda mtengo wonse zimafika pa nodi iliyonse kamodzi, choncho nthawi yake ndi O(n). Ichi n'chifukwa chake sitilandira yankho longonena kuti imodzi imathamanga kuposa inzake.

Ndajambula mtengo umodzi wa manodi 10 umene tizigwiritsa ntchito pa mafunso onse, kuti wophunzira asamataye nthawi kuphunzira chithunzi chatsopano pa funso lililonse.

```
          1
        /   \
       2     3
      /     / \
     4     5   6
    / \       /
   7   8     9
  /
 10
```

Ndaupendeketsa dala. Nodi 2, 6 ndi 7 zili ndi mwana mmodzi yekha, nthambi ya kumanzere ndi yaitali, ndipo masamba anayi ali pa milingo yosiyana: 5 ali pa mlingo wachitatu, 8 ndi 9 ali pa wachinayi, pamene 10 ali pa wachisanu. DFS imene imayendera kholo isanapite kwa ana imadutsa motere: 1, 2, 4, 7, 10, 8, 3, 5, 6, 9. BFS imadutsa kuyambira 1 mpaka 10 mwandondomeko, popeza manambalawo ndawaika motsatira milingo.

Lachitatu

Funso loyamba latha, ndipo ndi limene landitengera nthawi yambiri. Likuti: pezani mlingo wa tsamba limene lili pafupi kwambiri ndi muzu. Pa mtengo wathu yankho ndi 3, chifukwa cha nodi 5.

Yankho lachitsanzo ndalilemba ndi BFS.

```python
from collections import deque

def tsamba_lapafupi(muzu):
    if muzu is None:
        return 0
    q = deque([(muzu, 1)])
    while q:
        nodi, mlingo = q.popleft()
        if nodi.left is None and nodi.right is None:
            return mlingo
        for mwana in (nodi.left, nodi.right):
            if mwana is not None:
                q.append((mwana, mlingo + 1))
```

Ndatsatira kiyu pamanja kuti ophunzira adzaone mmene imasinthira. Poyamba muli 1 yekha. Akatuluka 1 mumalowa 2 ndi 3. Akatuluka 2 mumatsala 3 ndi 4. Akatuluka 3 mumakhala 4, 5 ndi 6. Akatuluka 4 mumakhala 5, 6, 7 ndi 8. Kenako amatuluka 5, amene alibe mwana kumanzere kapena kumanja, ndipo fankishoni imabweza 3 nthawi yomweyo. Manodi asanu okha ndi amene atuluka mu kiyu, ndipo 9 ndi 10 sanalowemo n'komwe.

Kufotokoza kumene ndikufuna kuti wophunzira alembe ndi kwa chifukwa chimene tili ndi ufulu woima pa tsamba loyamba. Kiyu imatulutsa manodi motsatira mtunda wawo kuchokera pa muzu, kotero kuti palibe nodi ya mlingo wachinayi imene ingatuluke pamene ya mlingo wachitatu idakali mkati. Tsamba loyamba kutuluka silingakhale ndi lina lapafupi kuposa ilo, chifukwa likanakhalapo likanatuluka kale. Mfundo yomweyi ndi imene Edward F. Moore anagwiritsa ntchito mu 1959 pofuna njira yaifupi kwambiri yodutsira m'tinjira tosokoneza, ndipo imagwira pokhapokha sitepe iliyonse ikuwerengedwa mofanana. Nthambi zikakhala ndi kulemera kosiyana, tsamba la masitepe ochepa silikhala lapafupi nthawi zonse, ndipo ndalemba chenjezo limeneli pansi pa yankho.

DFS ilibe chitsimikizo chotere. Tsamba loyamba limene imalipeza pa mtengo wathu ndi 10, limene ndi lakutali kuposa onse, choncho siingaime pamenepo. Wophunzira wochenjera angasunge mlingo wochepa kwambiri umene waupeza n'kumasiya nthambi iliyonse imene singaupose. Akatero amayamba ndi mlingo 5 pa nodi 10, amatsikira pa 4 akafika pa nodi 8, kenako pa 3 akafika pa nodi 5, ndipo nodi 9 yokha ndi imene amaidumpha. Wayendera manodi 9 pamene BFS yayendera 5. Yankho lotere ndi lolondola ndipo lizilandira malikisi, koma mwini wake ayenera kunena yekha kuti nthambi ya kumanzere ikanakhala mndandanda wa manodi zikwizikwi, akanaitsika yonse asanadziwe kuti tsamba limene akulifuna linali masitepe awiri okha kuchokera pa muzu.

Lachisanu

Funso lija talipereka kwa ophunzira angapo kuti tione ngati likumveka, ndipo ambiri a iwo anabwera ndi khodi iyi, imene anaipeza posintha `max` kukhala `min` mu fankishoni yodziwika yowerengera kutalika kwa mtengo.

```python
def kuya(nodi):
    if nodi is None:
        return 0
    return 1 + min(kuya(nodi.left), kuya(nodi.right))
```

Pa mtengo wathu khodi imeneyi imabweza 2, osati 3. Vuto lili pa nodi 2. Kumanja kwake kulibe mwana, choncho mbali imeneyo imabweza 0, ndipo `min` imasankha 0 ameneyo n'kusiya nthambi yonse ya kumanzere. Nodi 2 imapeza 1, ngati kuti ndi tsamba, ndipo muzu umawonjezera 1 n'kupeza 2. Pofuna kutalika kwa mtengo, `max` imataya yokha mbali yopanda kanthu, n'chifukwa chake cholakwikachi sichioneka kumeneko. Kukonza kwake n'kosavuta: nodi ikakhala ndi mwana mmodzi, titsatire mwanayo basi, ndipo `min` igwire ntchito pokhapokha ana onse awiri alipo.

Chimene chinandikhudza n'chakuti khodi yolakwikayi imakhoza pa mtengo uliwonse umene nodi iliyonse ili ndi ana awiri kapena ilibe n'komwe, ndipo zitsanzo zakale zimene pulogalamu yathu yochongera inkagwiritsa ntchito zinali zambiri za mtundu umenewo. Ndaonjezera zitsanzo zitatu: muzu wa mwana mmodzi, umene yankho lake ndi 2 pamene khodi yolakwika imati 1, mndandanda wa manodi anayi wopendekera mbali imodzi, umene yankho lake ndi 4, ndi mtengo wathu wa manodi 10. Wophunzira amene yankho lake likutuluka lochepa kuposa loyenera, makamaka likamangotuluka 1, ayambe wayang'ana mmene khodi yake ikuchitira ndi nodi ya mwana mmodzi.

Mnzanga wina wa m'gulu ananena kuti zimenezi zikusonyeza kuti tingouza ophunzira kuti funso lililonse lokhala ndi mawu akuti "pafupi" kapena "chachifupi" ndi la BFS. Sindinagwirizane naye kwenikweni, ndipo ndinamupempha kuti tidikire kaye zotsatira za mitengo ikuluikulu.

Lachiwiri la sabata yotsatira

Ndayesa njira zonse ziwiri pa mitengo iwiri ikuluikulu yosiyana kotheratu, pofuna kupeza manambala oti aikidwe m'gawo lofotokoza za memole.

Woyamba ndi mtengo wodzaza wa milingo 20, momwe nodi iliyonse kupatula masamba ili ndi ana awiri. Mlingo uliwonse uli ndi manodi owirikiza kawiri a mlingo wa pamwamba pake, choncho mtengo wonse uli ndi manodi 1,048,575, ndipo 524,288 mwa amenewa ndi masamba a mlingo wotsiriza. Pa mtengo wotere masamba onse ali pa mtunda umodzi. BFS iyenera kutulutsa manodi onse 524,287 amene si masamba isanaone tsamba loyamba, ndipo pa nthawi imeneyo kiyu imakhala itanyamula masamba onse 524,288 nthawi imodzi. DFS pa mtengo womwewo sisunga zinthu zoposa 20 mu sitaki yake, chifukwa imangokumbukira njira yochokera pa muzu kufika pamene ili. Apa kuima msanga kwa BFS sikupindula kanthu kooneka, pomwe memole imene yadya ndi ya theka la mtengo wonse. Funso ndi lomwe lija la tsamba lapafupi, koma njira yoyenera yasintha chifukwa cha maonekedwe a mtengo.

Wachiwiri ndi mndandanda wa manodi 5,000 wopendekera kumanja, umene umapangika wokha munthu akalowetsa manambala osanjidwa kale mu mtengo wofufuzira umene sudziwongola. Apa zinthu zinatembenuka. Kiyu ya BFS sinasungepo choposa nodi imodzi, pamene DFS yolembedwa ngati fankishoni yodziitana yokha inaima ndi uthenga uwu:

```
RecursionError: maximum recursion depth exceeded
```

Python imalola fankishoni kudziitana mozama mpaka pafupifupi 1,000, ndipo malire amenewa amaoneka polemba `sys.getrecursionlimit()`. N'zotheka kuwakweza ndi `sys.setrecursionlimit`, koma m'yankho lachitsanzo sindinatero, chifukwa kutero n'kungosunthira vuto patsogolo. Ndalemba DFS ya sitaki yathu, pogwiritsa ntchito `list` ndi `append` ndi `pop`, ndipo pa mndandanda umenewu nayonso sinasunge choposa nodi imodzi, popeza palibe nthambi ina yoti idzabwererenso. Kanthu kamodzi koti tikumbutse ophunzira n'kakuti poika ana mu sitaki, wa kumanja alowe poyamba kuti wa kumanzere ayambe kutuluka. Akasinthanitsa, mtengo wathu umayendedwa 1, 3, 6, 9, 5 ndi kupitirira, zimene sizolakwika mwa izo zokha koma sizifanana ndi zimene funso lingafune.

Ndimeyi m'buku la ophunzira ndaifupikitsa motere: memole ya DFS imatsatira kutalika kwa mtengo, O(h), ndipo ya BFS imatsatira kutambalala kwa mlingo waukulu kwambiri, O(w). Mtengo wowongoka bwino ndi waufupi koma wotambalala, ndipo wopendekera ndi wautali koma wopapatiza. Mnzanga uja ataona manambalawa tinagwirizana kuti mawu akuti "pafupi" ndi chizindikiro chabwino choyambira, koma wophunzira asalandire malikisi onse ngati sananene kuti akuganiza kuti mtengowo ndi wooneka bwanji. Amene wasankha BFS anene kuti akuyembekeza tsamba kapena nodi yofunidwayo kukhala kumtunda. Amene wasankha DFS anene kuti mtengo ndi wotambalala ndipo kutalika kwake n'kochepa.

Poyesa mtengo waukulu uja ndinaonanso kuti khodi ya wophunzira wina, imene inagwiritsa ntchito `list` ndi `pop(0)` m'malo mwa `deque`, inachedwa moonekeratu. Kuchotsa chinthu choyamba mu `list` kumakakamiza zonse zotsala kusuntha malo amodzi, ndipo kiyu ikakhala ndi zinthu zikwi mazana kusunthako kumakhala ntchito yaikulu pa sitepe iliyonse. Pa mtengo wa manodi 10 sizioneka. Mtengo waukuluwo ndauika pa zitsanzo zochongera kuti vutoli lizigwidwa.

Lachinayi

Funso lachiwiri ndalisankha kuti likhale la mtundu wina, loti maonekedwe a mtengo sangasinthe njira yoyenera kuliyankhira. Likufunsa ngati mtengo uli wowongoka, kutanthauza kuti pa nodi iliyonse kutalika kwa nthambi ya kumanzere ndi kwa ya kumanja sikusiyana kuposa 1.

Pano chofunika si mtunda kuchokera pa muzu koma mbali imene chidziwitso chikuchokera. Nodi singadziwe kutalika kwake ana ake asanapereke kwawo, choncho ana ayenera kumalizidwa kholo lisanawerengedwe. DFS imene imawerenga kholo pobwerera imapereka ndondomeko imeneyi popanda ntchito yoonjezera, ndipo pa mtengo wathu imayenda 10, 7, 8, 4, 2, 5, 9, 6, 3, 1. Nodi 10 imapereka 1. Nodi 7 ili ndi 1 kumanzere ndi 0 kumanja, zimene zili bwino, ndipo imapereka 2. Nodi 8 imapereka 1. Nodi 4 ili ndi 2 ndi 1, ndipo imapereka 3. Nodi 2 ili ndi 3 kumanzere ndi 0 kumanja, kusiyana kwa 3, ndipo pamenepo tadziwa kale kuti mtengo si wowongoka tisanapite ku mbali ya nodi 3.

BFS imafika pa kholo ana asanaonedwe, zimene ndi zosemphana ndi zofunikazo. Sikuti singagwire ntchito. Munthu angathe kusunga ndondomeko yonse ya BFS, n'kuiwerenga chobwerera kuyambira 10 mpaka 1, akusunga kutalika kwa nodi iliyonse mu `dict`, ndipo yankho lidzatuluka lolondola chifukwa mwana aliyense amakhala kumbuyo kwa kholo lake m'ndondomekoyo. Koma wasunga mtengo wonse mu memole pofuna kutsanzira chimene DFS imachita ndi sitaki yaifupi. Njirayi ndaitchula m'buku chifukwa ili ndi phindu limodzi lenileni, loti pa mtengo wautali kwambiri imapewa malire a kudziitana aja, ndipo ndi yosavuta kulemba kuposa sitaki yathu imene iyenera kukumbukira ngati nodi tikuiona koyamba kapena tikubwererako.

Cholakwika chimene ndikuchiyembekezera pa funso ili si cha kusankha njira. Ena adzalemba fankishoni yowerenga kutalika payokha, n'kumaiitana mwatsopano pa nodi iliyonse kuyambira pa muzu, zimene zimapangitsa kuti manodi a pansi awerengedwe mobwerezabwereza, kamodzi pa kholo lililonse limene lili pamwamba pawo. Yankho lachitsanzo limabweza kutalika, kapena -1 likapeza kuti nthambi yapendekera, kotero kuti nodi iliyonse imayenderedwa kamodzi. Kuwerenga kukula kwa foda pa kompyuta ndi funso la mtundu womwewu, popeza foda singadziwe kukula kwake mafoda a mkati mwake asanawerengedwe, ndipo ndaliika ngati ntchito yoonjezera.

Lolemba lotsatira

Funso lachitatu ndi loti njira zonse ziwiri zili bwino, ndipo ndaliika kuti ophunzira asaganize kuti nthawi zonse pali imodzi yolondola ndi ina yolakwika. Likuti munthu ataima kumanja kwa mtengo, aone manodi ati, imodzi pa mlingo uliwonse. Yankho ndi 1, 3, 6, 9, 10, ndipo 10 ndiye msampha wake, chifukwa ali ku nthambi ya kumanzere koma palibe chomutchinga pa mlingo wachisanu. Amene amangotsika nthambi ya kumanja kwa muzu amathera pa 9.

Ndi BFS, timawerenga `len(q)` lupu ya mlingo isanayambe, n'kutulutsa manodi okwana nambala imeneyo, ndipo wotsiriza ndiye wooneka. Nambalayo iyenera kutengedwa poyamba chifukwa kiyu imasintha kukula pamene ana akulowa. Ndi DFS, timayamba kumanja tikunyamula nambala ya mlingo, ndipo timalemba nodi yoyamba imene takumana nayo pa mlingo uliwonse. Ndondomeko yake ndi 1, 3, 6, 9, 5, 2, 4, 8, 7, 10, ndipo oyamba pa milingo isanu ndi omwe aja. Pano malikisi a kufotokoza adzapita kwa aliyense amene wanena kuti mtengo wonse uyenera kuyendedwa basi, ndipo chotsala n'kusankha pakati pa O(h) ndi O(w), kapena kusankha khodi imene mnzake angaiwerenge mosavuta. Ineyo ndimakonda BFS pa funso ili chifukwa mawu a funsolo akunena za milingo ndipo khodi yake imaonetsa milingoyo poyera.

Ndondomeko yochongera mbali ya kufotokoza ndayamba kuilemba. Wochonga aziyang'ana ngati wophunzira wanena kumene yankho likuyembekezeka kupezeka, ngati wanena kuti nodi ikudalira zochokera kwa ana ake kapena kwa makolo ake, ndiponso ngati watchula memole molingana ndi kutalika kapena kutambalala kwa mtengo. Sikuti zonsezi zikufunika pa funso lililonse. Pa funso lachiwiri mfundo ya ana ndi kholo ndi yokwanira yokha.

Chatsala ndi funso lachinayi, lopeza manodi onse amene ali pa mtunda wa masitepe awiri kuchokera pa nodi 4. Yankho ndi 10, potsika kudzera pa 7, ndi 1, pokwera kudzera pa 2. Popeza tsopano tikuyenda chokwera ndi chotsika, pakufunika kuyenda koyamba kolemba kholo la nodi iliyonse, kenako BFS yoyambira pa 4 yokhala ndi `set` ya manodi amene tafikapo kale. Popanda `set` imeneyo kiyu imachoka pa 4 kupita pa 2 n'kubwereranso pa 4, ndipo 4 yemweyo amatuluka m'yankho ngati kuti ali pa mtunda wa masitepe awiri kuchokera kwa iye mwini. Khodi yachitsanzo ndailemba kale, koma zitsanzo zochongera sindinazimalize, ndipo ndikufuna kuonjezerapo chimodzi chimene nodi yoyambira ndi muzu weniweni ndi china chimene mtunda wofunsidwa ndi 0.